Mafuta a minibasi pa munthu mmodzi: masamu ake tikamahaya Quantum kuno ku Joni

Ikafika Disembala magulupu athu a WhatsApp kuno ku Joni amadzaza ndi nkhani za maulendo, ena a mpingo akufuna kukapemphera ndi anzawo ku Durban, ena a chipereganyu akufuna kukaona nyanja, ndiye mumapeza mwini Quantum akunena kuti ine hayala yanga ndi iyi koma mafuta ndi matoligeti ndi zanu. Mkangano umayambira pomwepo. Wina akuti tisonkhe R100 aliyense ikwana, wina akuti ayi R300, ndipo palibe amene wagwira kalikuleta. Inetu zimandipweteka kuona anthu amene amapempherera limodzi akukokanakokana pa filing'i siteshoni pakati pa ulendo chifukwa ndalama ya mafuta yatha, ndipo amene amamunamizira kuba ndi msungichuma kapena dalaivala, chonsecho palibe waba, kungoti masamu sanachitidwe bwino poyamba.

Masamu akewo ngosavuta ndithu. Pamafunika manambala anayi basi: makilomita a ulendo, malita amene galimoto imamwa pa 100 km, mtengo wa lita imodzi, ndi anthu amene akulipira.

malita = makilomita × malita pa 100 km ÷ 100
ndalama ya mafuta = malita × mtengo wa lita
munthu mmodzi = ndalama ya mafuta ÷ anthu olipira

Mwana wa pulayimale atha kuchita zimenezi. Anthufe sitilakwitsa pochulukitsa kapena pogawa ayi, timalakwitsa posankha manambala oti tilowetsemo, ndiye tiyeni titenge ulendo umodzi, wa Joni kupita ku Durban ndi kubwerera, tiuyende nambala ndi nambala. Dziwani kuti mtengo wa petulo ndi kamwedwe ka galimoto zimene ndigwiritse ntchito apa ndi zachitsanzo, inuyo mudzaikepo zimene zili pa pampu tsiku limenelo komanso za galimoto imene mwahayayo.

Tiyambe ndi makilomita. Kuchoka ku Joni kufika ku Durban pa msewu wa N3 ndi pafupifupi 570 km. Munthu amaona nambala imeneyi pa foni n'kuiwala kuti ndi yopita kokha. Kupita ndi kubwera ndi 1,140 km. Komatu nayo siinakwane, chifukwa Quantum siyambira ulendo pa N3 ayi, imachoka kumene imagona, ikatenge ena ku Rosettenville, ena ku Mayfair, mwina mpaka ku Cosmo City kapena Diepsloot kumene ndi mbali ina ya tauni, kenako ndiye ilowe msewu waukulu, ndipo pobwerera anthu afunanso kukatulidwa komwe anatengedwa chifukwa mufika usiku ndipo palibe angalole kutsitsidwa m'tauni ndi zikwama nthawi imeneyo. Ku Durban komweko galimoto siingokhala, pali kuchoka kogona kupita ku tchalitchi, kupita kunyanja, kukagula zakudya. Makilomita onsewa amamwa mafuta chimodzimodzi ngati a pa msewu waukulu, mwinanso kuposa chifukwa ndi a m'tauni muli maroboti ndi kuimaima. Tiyerekeze kuti zonsezi zakwana 110 km. Ulendo wathu tsopano ndi 1,250 km, osati 570.

Njira yabwino ndi kulemba malo onse oima pa Google Maps motsatana, kuyambira pomwe galimoto imagona mpaka kubwerera pomwepo, osangoti Johannesburg ndi Durban basi. Ndipo mufunseni mwini galimoto momveka kuti makilomita ochoka kwawo kudzakutengani ali kwa ndani, muzigwirizana zimenezi musanapereke dipoziti.

Nambala yachiwiri ndi imene ndikufuna tikhalepo kanthawi, kamwedwe ka mafuta. Pali njira ziwiri zonenera chinthu chomwechi ndipo zimasokoneza anthu ambiri. Kumudzi kuja tinazolowera kufunsa kuti lita imodzi imayenda makilomita angati. Kuno mabuku a galimoto ndi ogulitsa amanena malita amene galimoto imamwa pa 100 km. Pa njira yoyamba nambala ikakula ndiye kuti galimoto ndi yosamwa, pa njira yachiwiri nambala ikakula ndiye kuti ndi chidakwa. Kusintha kwake mumangogawa 100 ndi nambala imene muli nayo. Galimoto yomwa malita 13 pa 100 km imayenda 100 ÷ 13, ndiye kuti pafupifupi 7.7 km pa lita. Galimoto yoyenda 8 km pa lita imamwa 100 ÷ 8, malita 12.5 pa 100 km.

Tsono taonani chimene chimachitika. Mwafunsa kuti "Achimwene, galimoto yanuyi imamwa bwanji?" iwo akuyankha kuti "Aaa iyi imapanga 8 bwinobwino." Iwo akutanthauza 8 km pa lita, inu mwalemba malita 8 pa 100 km. Masamu anu akupatsani malita 100 pa ulendo wa 1,250 km, pa R22 lita ndi R2,200. Zoona zake ndi malita 156.25, ndalama yake R3,437.50. Mwaperewera ndi R1,237.50 musananyamuke n'komwe, ndipo mudzazindikira muli pobwerera, anthu atadya kale ndalama zawo. Ndiye dalaivala akatchula nambala mufunseninso kuti 8 ameneyo ndi wa chiyani. Ngati Quantum ya petulo yodzaza anthu akuti imamwa malita 8 okha pa 100 km, kaikani pomwepo, kamwedwe koteroko ndi ka galimoto yaing'ono.

Quantum zimene timakwera m'marenki a Bree, Noord ndi Bara zambiri ndi Toyota HiAce Ses'fikile ya mipando 16, ilipo ya petulo ya injini ya 2.7 ndipo ilipo ya dizilo ya 2.5. Ya dizilo imamwa pang'ono poyerekeza ndi ya petulo pa mtunda womwewo, nchifukwa chake funso loyamba kwa mwini galimoto likhale loti ndi ya petulo kapena ya dizilo. Nambala ya m'buku la galimoto musaidalire kwambiri, imeneyo imapezedwa poyeza galimoto yatsopano mwa dongosolo la kufakitale, si galimoto imene yayenda zaka ndi zaka yanyamula anthu 15 ndi zikwama ndi mapoto a nsima.

Nambala yeniyeni imapezeka ndi kuyeza, ndipo kuyeza kwake n'kosavuta. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, galimoto itaima pamalo osapendekeka. Bwezani ka mita ka TRIP pa 0. Yendani. Mukaimanso pothira mafuta dzazaninso mpaka pampu idule yokha ngati poyamba paja, osamuuza wa pampu kuti awonjezere mpaka pakamwa. Malita amene alowa kachiwiriwa ndi amene galimoto yamwa pa makilomita amene TRIP ikuonetsa. Gawani malitawo ndi makilomita, muchulukitse ndi 100. Mwachitsanzo mwadzaza ku Joni, mwaima ku Harrismith, TRIP ikuti 280 km ndipo alowa malita 36.4. Ndiye 36.4 ÷ 280 × 100 ikutipatsa 13. Galimoto yanu ikumwa malita 13 pa 100 km, ndipo nambala imeneyi palibe angaitsutse chifukwa ili pa risiti. Mwini galimoto wosamala amakhala nayo kale nambala yotereyi kuchokera pa maulendo am'mbuyo, mufunseni kuti ulendo wathawu wa ku Durban anathira malita angati onse pamodzi. Malita, osati ndalama, poti mtengo unasintha kuchokera nthawi imeneyo.

Geji ya mafuta musayezere. Singano ija siitsika mofanana, imatha kukhala pa F nthawi yaitali kenako n'kuthamanga ikadutsa pa theka, ndiye mawu oti "tagwiritsa ntchito hafu thanki" sangakupatseni malita enieni.

Thanki ya Quantum imalowa malita 70. Pa malita 13 pa 100 km ndiye kuti thanki yodzaza imayenda pafupifupi 538 km mpaka kuuma, ndipo Durban ili pa 570 km. Wokuuzani kuti thanki imodzi ikafika ndipo yachiwiri idzatibweza, pa galimoto ya petulo yodzaza anthu, akukuikani pa chiswe. Muyenera kuthira panjira, ndipo Harrismith ndi malo abwino poti ili chapakati ndipo muli musanatsike Van Reenen.

Kupita ndi kubwera sikumwa mofanananso. Joni ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja, pamene Durban ili pa nyanja penipeni. Popita mtsetse ndi wochuluka, pobwerera injini ikukoka anthu onse aja pa zikweza za ku Pietermaritzburg ndi Van Reenen pa magiya aang'ono. Choncho mukayeza popita n'kupeza nambala yokoma musathamangire kugawana chenji, pobwerera idzakwera. Tingotenga 13 ngati nambala yapakati ya ulendo wonse.

Nambala yachitatu, mtengo. Kuno ku South Africa mtengo wa mafuta umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse. Izi ndi zofunika kwa ife amene timakonza ulendo mu Okutobala koma tikunyamuka mu Disembala, pakati pake padutsa Malachitatu awiri otere, mtengo utha kukwera kapena kutsika. Petulo mtengo wake pa pampu amaika ndi boma malinga ndi dera, ndiye mu Joni muno simungapeze siteshoni yotchipa kuposa inzake pa petulo wa mtundu womwewo, musawotche mafuta kuzungulira kufunafuna. Dizilo ndiye wosiyana, siteshoni iliyonse imaika mtengo wake, ndipo pamenepo kufunsafunsa kumathandiza. Komanso kunyanja mafuta amatsikirako mtengo kusiyana ndi kuno kumtunda chifukwa cha ndalama yowanyamulira kufika ku Gauteng, kusiyana kwake ndi masenti makumi angapo pa lita. Ndi nzeru kudzaza thanki ku Durban musanabwerere, koma pokonza bajeti werengerani mtengo wa ku Joni pa ulendo wonse, kotsalako kakhale kopumira. Kuno kulinso petulo wa 93 ndi wa 95 ndipo mitengo yake ndi yosiyana, funsani kuti galimotoyo amaithira uti.

Titenge R22 pa lita ngati chitsanzo. Tsopano tili ndi zonse.

Malita: 1,250 × 13 ÷ 100 = 162.5
Ndalama: 162.5 × R22 = R3,575

Yatsala nambala yomaliza, ndipo iyi ndi imene ine ndimaiona kuti imagwetsa magulu ambiri kuposa zina zonse: tigawe ndi anthu angati? Galimoto ndi ya mipando 16 inde, koma umodzi ndi wa dalaivala ndipo dalaivala sasonkha. Yatsala 15. Ikadzaza yonse ndi anthu olipira, R3,575 ÷ 15 ndi R238.33 munthu mmodzi, kupita ndi kubwera.

Tafanizani ndi masamu a pa gulupu aja. Wina anatenga 570 km, anapeza malita 74.1, ndalama R1,630.20, n'kugawa ndi 16, yatuluka pafupifupi R102. Ndi uja ankati R100 ikwana. Sananame dala, kungoti anaiwala ulendo wobwerera, anaiwala kuzungulira kotenga anthu, ndipo anamuwerengera dalaivala ngati wolipira.

Koma nayo 15 kawirikawiri siikhala yoona. Pa gulu la mpingo mwina munagwirizana kuti abusa sasonkha. Pali ana awiri amene akhala pa mipando koma makolo awo akuti ndi ana. Mwina mpando wakumbuyo mwaikapo katundu. Mafuta sadziwa zimenezo, R3,575 ija ili pomwepo, chasintha ndi anthu oigawana. Olipira akakhala 12 aliyense apereka R297.92. Akakhala 10 ndi R357.50. Mwina wina anganene kuti anthu akachepa galimoto ipepuka ndiye imwa pang'ono. Ndi zoona koma pang'ono kwambiri, chifukwa galimotoyo payokha ndi yolemera kale ndipo pa msewu waukulu mafuta ambiri amathera polimbana ndi mphepo, Quantum ndi yaitali ndi yophwatalala kutsogolo, mphepoyo ndi yomweyo kaya muli anthu 15 kaya 10. Ndiye musachotsere kalikonse pa bajeti chifukwa anthu achepa.

Taonani bwino kukula kwa zinthu zitatuzi, pakuti anthufe timaopa cholakwika. Petulo akakwera ndi R1 yathunthu pa lita, ulendo wathu ukwera ndi R162.50, pa anthu 15 ndi pafupifupi R11 aliyense. Galimoto ikamwa malita 14 m'malo mwa 13, malita akhala 175, ndalama R3,850, aliyense awonjezera pafupifupi R18. Koma anthu awiri okha akasintha maganizo m'mawa wonyamuka, otsala 13 aja aliyense apereka R275, kukwera ndi pafupifupi R37. Mipando iwiri yopanda anthu ikuposa katatu kukwera kwa petulo kumene timadandaula nako sabata yonse. Nchifukwa chake ine ndimalimbikira kuti ndalama ya mafuta izitoleredwa ulendo usanafike, ndipo zinenedwe poyera pachiyambi kuti amene walephera mochedwa ya mafuta siibwezedwa pokhapokha apeze wolowa m'malo mwake. Zimaoneka ngati nkhanza, koma kupanda kutero amene amalipirira mpando wakewo ndi mayi uja amene amagwira ntchito ya m'nyumba ndipo anasunga ndalama yake mwezi wonse.

Nanga amene akungopita osabwerera? Zimachitika, wina akukatsala ku Durban kwa achibale. Apa musamawerenge anthu, muziwerenga mbali za ulendo. Tinene kuti 12 akupita ndi kubwera, atatu akungopita. Anthu 12 aja ndi mbali 24, kuphatikiza 3 ndi 27. R3,575 ÷ 27 ndi R132.41 pa mbali imodzi. Wongopita apereka R132.41, wopita ndi kubwera apereka R264.82. Mwaona kuti obwerera aja akwera kuchoka pa R238 kufika pa R265, chifukwa pobwerera mipando itatu ilibe anthu. Magulu ena amasankha kuti wongopita alipirebe zonse poti watseka mpando umene akanakhala munthu wa mbali zonse ziwiri. Njira zonsezi zili ndi chilungamo chake, chofunika ndi kusankha imodzi musananyamuke ndipo aliyense aidziwe.

Pa zonsezi onjezani kopumira, ine ndimati 10 peresenti. R3,575 ikhala R3,932.50, pa anthu 15 ndi R262, ndiye mungonena kuti aliyense R270 kuti pasavute chenji. Zonse pamodzi R4,050. Kopumirako ndi ka kusochera, jamu ya pa N3 nthawi ya tchuthi, ndi mtengo ukasintha. Koma onani kuti ngakhale ndi R270, anthu akatsala 13 mutolera R3,510 yokha, yosakwana R3,575. Kopumira sikalowa m'malo mwa anthu osabwera. Zotsala pomaliza mubweze kapena zilowe m'thumba la gulu, ndi marisiti onse atajambulidwa n'kuikidwa pa gulupu.

Ngolo imasintha masamu kwambiri ndipo anthu amaiiwala. Katundu akachuluka n'kumangirira ngolo kumbuyo, kamwedwe kamakwera chifukwa cha kulemera ndi mphepo. Tiyerekeze kafika malita 16 pa 100 km. Ulendo womwe uja ndi malita 200, ndalama R4,400, kuwonjezereka ndi R825, munthu mmodzi R293.33. Apa ndi bwino kufunsana kuti ngoloyo ikufunika chifukwa cha katundu wa onse kapena wa anthu awiri amene atenga mabelo ogulitsa. Ngati ndi wa awiriwo, R825 ija ndi yawo. Galimoto ikakhala ya dizilo, tinene ikumwa malita 10 pa 100 km ndipo dizilo mwamupeza pa R21, ndi malita 125, ndalama R2,625, munthu mmodzi R175. Choncho mwini wa ya dizilo ngakhale atakweza hayala ndi R500 mungapindulebe, poti pa mafuta mwapulumutsa R950. Musamafanizire hayala yokha, muzifanizira hayala ndi mafuta pamodzi.

Muli panjira mungadziwe bwanji kuti china chake sichili bwino? Pamalo oyamba kuthira paja chitani masamu a risiti ndi TRIP. Mumayembekeza 13 koma yatuluka 17, musayambe ndi kuloza chala dalaivala. Choyamba funsani ngati thanki inadzazidwadi mpaka kudula poyamba paja, chifukwa ngati inali yoperewera malita 10 ndiye kuti mwalipira mafuta amene simunayendere, ndipo ichi ndi chimene chimachitika kawirikawiri. Nchifukwa chake pangano labwino ndi loti galimoto ibwere, mupite nayo limodzi pa siteshoni, mwini wake aidzaze ndi ndalama yake inu mukuona, ndipo inu mudzaibweze yodzaza. Kenako onani liwiro. Minibasi yonyamula anthu lamulo limati isapitirire 100 km pa ola, ndi chija chomata cha 100 kumbuyo chija, ndipo dalaivala wothamanga 130 akuwotcha mafuta anu ochuluka chifukwa mphamvu ya mphepo imakula mofulumira kuposa liwirolo, kuwonjezera pa kuika miyoyo pa ngozi. Onaninso mpweya wa m'matayala, matayala ofewa amakoka mafuta ndipo pa galimoto yodzaza amatentha mpaka kuphulika. Injini kulira galimoto itaima ola lathunthu podikira munthu amene akusambabe, nayonso ndi mafuta amene sakuoneka pa TRIP. Zonsezi zikakhala bwino koma nambala ili pamwambabe, ndiye kuti galimotoyo ikufunika sevisi, kapena penapake pakudontha, ndipo fungo la petulo mukaima lisanyalanyazidwe.

Pali kanjira kachidule kamene kamathandiza mukafuna kuyankha msanga. Pezani mtengo wa kilomita imodzi: 13 × R22 ÷ 100 ndi R2.86. Nambala imeneyi mukaisunga m'mutu, ulendo wina uliwonse pa galimoto yomweyo mungochulukitsa. Wina akati tiyeni tipatukire kwinakwake kokaona malo, kupita ndi kubwera 80 km, mukudziwa pomwepo kuti ndi pafupifupi R229, anthu 15 aliyense R15. Pa munthu mmodzi kilomita iliyonse ndi masenti 19 galimoto ikadzaza.

Masamu omwewa amagwiranso pa takisi imene timakwera tsiku ndi tsiku, ndipo amayankha funso limene limavuta anthu mtengo ukakwera. Titenge msewu wa 20 km kuchoka kulokeshoni kupita m'tauni. M'tauni kamwedwe kamakwera chifukwa cha kuimaima, tinene malita 15 pa 100 km. Ndi malita 3, pa R22 ndi R66, anthu 15 aliyense R4.40. Ndiye munthu amadabwa kuti nanga bwanji ndikulipira kangapo kuposa pamenepo? Choyamba, m'mawa anthu onse akulowera m'tauni, takisi imabwerera kulokeshoni ili ndi anthu mwina atatu okha. Kuzungulira konse ndi 40 km, malita 6, R132, ndipo olipira ndi 18, ndiye mafuta pa munthu mmodzi ndi R7.33 osati R4.40. Chachiwiri, mafuta ndi gawo limodzi chabe, pali ngongole ya galimoto ya mwezi ndi mwezi, malipiro a dalaivala, matayala, mabuleki, inshuwalansi, ndalama za asosiyeshoni, ndi phindu la mwini wake.

Komabe kalikuleta yomweyo imatiuzanso china. Petulo akakwera ndi R1, kuzungulira kuja kwakwera ndi R6 yokha, pa anthu 18 ndi masenti 33 aliyense. Ndiye mtengo wa takisi ukakwera ndi R2, si R1 imodziyo yokha imene yachititsa. Mitengo ya takisi amaika ndi asosiyeshoni ndipo sasintha mwezi uliwonse ngati petulo, ndiye akamakweza amakhala akuphatikiza kukwera kwa miyezi yambiri ndi mitengo ya zinthu zina zija. Dalaivala amene mwamupeza tsiku limenelo si amene anaika mtengowo, kukangana naye sikungathandize.

Pa ulendo wa hayala uja, kumbukirani kuti R270 ija ndi ya mafuta okha. Pa N3 pali matoligeti a De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi ndi Mariannhill, ndipo mulipira popita ndi pobwera. Mitengo yake muione ya chaka chimenecho, muiphatikize, muchulukitse ndi 2, mugawe ndi anthu olipira omwe aja, ndipo ngati pali ngolo funsani ngati isintha mtengo pa geti. Polemba uthenga wa pa gulupu ikani mizere itatu yosiyana, hayala, mafuta, matoligeti, ndipo pansi pa mafuta mulembe manambala anayi onse aja, 1,250 km, malita 13 pa 100 km, R22 pa lita, anthu 15, kuti nambala imodzi ikasintha lisanafike tsiku aliyense athe kubwereza masamuwo pa foni yake.